Foni Yadzadza: Mmene Mungapezere Mafayilo Aakulu ndi Kusankha Oti Mufufute

Sabata sipita osabwera munthu ndi foni m'manja, nkhope yakugwa, akunena kuti kamera yakana kujambula, WhatsApp sikulandira zithunzi, ndipo pamwamba pa sikirini palembedwa kuti "Storage space running out". Ambiri amakhala atayesa kale kudzithandiza. Afufuta zithunzi mazana awiri, afufuta mauthenga akale, ena mpaka manambala a anthu, koma chenjezo lija lidakali pomwepo. Ndatopa kufotokoza zomwezomwezo pa khonde, ku tchalitchi ndi pa maliro pomwe, ndiye ndalemba kamodzi. Ndikulankhula za mafoni a Android, chifukwa ndi omwe ambiri tili nawo.

Choyamba mumvetse chifukwa chake kufufuta zithunzi kuja sikunathandize. Malo a m'foni amayezedwa mu KB, MB ndi GB. Ma KB pafupifupi 1,000 ndiwo MB imodzi, ndipo ma MB pafupifupi 1,000 ndiwo GB imodzi. Chithunzi chobwera pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa kale, nthawi zambiri chimakhala cha ma KB 100 kapena 200 basi. Mukafufuta zithunzi zotere 200, mwapeza mwina ma MB 30. Filimu imodzi yomwe mnzanu anakuponyerani imatha kukhala ya ma MB 700. Ndiye kuti mwakhala ola lathunthu mukutola nyemba imodziimodzi pamene thumba la chimanga lili pakhomo likutseka njira. Ntchito yonse ndi kupeza matumbawo, kenako kudziwa thumba lotaya ndi thumba losunga.

1. Onani kaye chomwe chadya malo

Musafufute kalikonse musanaone nambala. Tsegulani Settings, pitani pa Storage. Pa mafoni a Samsung zimakhala mkati mwa Device care kapena Battery and device care. Ngati simukupapeza, lembani mawu oti storage m'kabokosi kofufuzira ka pamwamba pa Settings.

Muona kukula kwa foni yonse, malo omwe agwiritsidwa ntchito, ndi mmene agawikira: makanema, zithunzi, nyimbo, maapu, ndi System. Lembani papepala nambala ya malo otsala. Mudzaifuna pomaliza.

Gawo la System lisakupwetekeni mutu. Ndi pulogalamu yoyendetsa foniyo, ndipo simungaichotse. Foni yomwe pa katoni analemba 32 GB sinakupatsenipo ma GB 32 onse ngakhale tsiku lomwe munaigula, chifukwa System inali itatenga kale gawo lake lalikulu. Wogulitsa sanakubereni.

2. Tsegulani apu ya mafayilo, musanje kuyambira chachikulu

Foni iliyonse ili ndi apu yoonera mafayilo, ngakhale ambiri sanaitsegulepo. Pa Samsung dzina lake ndi My Files. Pa Tecno, Itel ndi Infinix nthawi zambiri ndi File Manager, kapena Files ya Google, yomwe imabwera kale m'mafoni ambiri otsika mtengo. Fayilo ndi chinthu chimodzi chosungidwa, kaya nyimbo, kanema kapena kalata. Foda ndi ngati kabati yomwe mafayilowo amakhalamo.

Lowani mu Downloads. Mafayilo amabwera atasanjidwa potsata tsiku, atsopano pamwamba, ndipo apa ndi pomwe anthu amasochera, chifukwa zazikulu zakale zimakhala pansi penipeni pomwe chala sichifika. Fufuzani kachizindikiro kosanjira, kawirikawiri timadontho titatu pakona kapena mawu oti Sort by. Mu Files ya Google sankhani Largest first. Mwa enawo sankhani Size, ndipo muonetsetse kuti chachikulu chili pamwamba. Ngati pamwamba pabwera tinthu ta ma KB, dinaninso kamuvi kotembenuzira.

Tsopano yang'anani mafayilo khumi kapena makumi awiri oyamba okha. Mukafika pa mafayilo ochepera ma MB 20, lekani, otsalawo sadzasintha kanthu lero. Chitaninso chimodzimodzi mu gawo la Videos, kenako Audio.

Maapu ena ali ndi njira yachidule. Mu Files ya Google muli Clean, yomwe imasonkhanitsa mafayilo aakulu ndi obwereza. Mu My Files muli Manage storage kapena Analyze storage, momwe mumapezeka Large files. Gwiritsani ntchito poona, koma musadine Select all n'kufufuta. Foni imadziwa kukula kwa fayilo, sidziwa kuti kanema wa ma MB 800 uja ndi wa ukwati wa mwana wanu.

3. Pitani komwe zodawuniloda zimabisala

Foda ya Download si yokhayo yolandira alendo. Kunena zoona, m'mafoni ambiri omwe ndagwira, foda imeneyi inali yachitatu pa kukula.

Mu apu ya mafayilo dinani Internal storage, muone mafoda onse. Ngati munagwiritsapo ntchito Xender kapena SHAREit polandira zinthu kwa anzanu, muli foda ya dzina lomwelo, ndipo mkati mwake muli timafoda ta makanema, nyimbo ndi maapu. Muli foda ya Bluetooth. Maapu okokera makanema pa intaneti nawonso amapanga mafoda awoawo. Ndipo ngati munapitako kwa anyamata a pamsika oika nyimbo ndi mafilimu, iwo amapanga foda ya dzina lililonse lomwe lawabwerera m'mutu. Kuchotsa apu ya Xender sikuchotsa zomwe munalandira nayo. Apu imapita, katundu amatsala. Ndinapezapo mafilimu a zaka zitatu zapitazo m'foni ya munthu yemwe analumbira kuti alibe Xender, ndipo sankanama.

Kenako WhatsApp, yemwe nthawi zambiri ndiye wakudya kwambiri. Imeneyi musayambire mu apu ya mafayilo. Tsegulani WhatsApp yeniyeniyo, dinani timadontho titatu, Settings, Storage and data, kenako Manage storage. Pamwamba ikuuzani ma GB omwe yatenga. Pansi pake pali magulu awiri: Larger than 5 MB, ndiwo mafayilo aakulu, ndi Forwarded many times, zomwe zazungulira m'magulu ambirimbiri. Pansi penipeni pali mndandanda wa anthu ndi magulu, wodya malo kwambiri ali pamwamba. Musadabwe kupeza kuti gulu la kwaya kapena la a kumudzi ladya ma GB anayi lokha. Ubwino woyambira muno ndi woti mumaona kanema aliyense ndi gulu lomwe anachokera, pamene mu apu ya mafayilo mumangoona mayina ngati VID-20230914-WA0007, omwe sakuuzani kanthu kupatula tsiku.

Pali mtundu wina womwe suoneka konse mu apu ya mafayilo: makanema omwe munasunga mkati mwa YouTube kuti muonere opanda bandulo, ndi nyimbo zosungidwa mkati mwa maapu ngati Audiomack kapena Boomplay. Zimenezi zimawerengedwa ngati thupi la apuyo. Chizindikiro chake ndi apu yonenepa modabwitsa: pitani ku Settings, Apps, muone kukula kwa iliyonse. Ngati YouTube ikuonetsa ma GB awiri, lowani mu YouTube momwemo, pitani pa Downloads, mufufutire mmenemo.

4. Sankhani chofufuta

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangonena kuti fufutani zosafunika, ngati kuti munthu akanadziwa zosafunika akanabwera kudzafunsa. Vuto ndi loti chilichonse chimaoneka chofunika ukachiyang'ana. Ndiye funso loti "kodi ndikuchifuna?" lisiyeni. Pa fayilo iliyonse yaikulu dzifunseni ili: ndikaifufuta lero, mawa ndingaipezenso kuti, ndipo ndingalipire chiyani?

Yankho limagawa mafayilo m'milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zomwe ntchito yake inatha. Izi fufutani osaganiza kawiri. Muli mafayilo othera ndi .apk, omwe ndi phukusi lomwe apu inabweramo. Apu ikaikidwa m'foni, phukusilo ndi ngati katoni ya wayilesi: wayilesi imalira ngakhale katoni mutaitaya. Kufufuta .apk sikuchotsa apu. Chosiyana ndi chimodzi chokha: ngati mumasunga phukusilo dala kuti muziponyera anzanu opanda bandulo, sungani limodzi latsopano, osati asanu akale. Mulinso mafayilo omwe dzina lake limathera ndi (1) kapena (2). Amabwera mukadina kudawuniloda kawiri poganiza kuti koyamba sizinatheke. Yerekezani kukula kwake; ngati n'kofanana ndendende, ndi chinthu chimodzi, siyani chimodzi. Ngati kukula kukusiyana, tsegulani onse awiri, chifukwa wocheperayo angakhale woduka panjira. Muli zodawuniloda zomwe sizinathe bandulo itatha kapena netiweki itathawa, zomwe zimakana kutseguka koma malo zikudya. Muli mafayilo a .zip omwe munamasula kale ndipo zam'kati mwake zili mu foda ina. Ndipo muli mafilimu omwe munaonera mpaka kumapeto. Mudzinena zoona: gawo lachisanu ndi chiwiri la sewero lija simudzalibwerezanso.

Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zopezekanso kwina, koma ndi mtengo. Nyimbo za oimba odziwika, ulaliki womwe uli pa YouTube, makanema oseketsa omwe azungulira dziko lonse. Izi sizitayika pa dziko mukazifufuta, koma kuzitenganso kudzadya bandulo yofanana ndi kukula kwake. Fayilo ya ma MB 500 idzafuna ma MB 500 a bandulo. Apa ine ndimayang'ana tsiku. Ngati papita miyezi itatu osaitsegula, ipite. Ngati mumaimvera sabata iliyonse, monga nyimbo zomwe kwaya ikuphunzira, isiyeni kapena muisamutsire ku memole khadi. Kufufuta chinthu chomwe mudzachidawunilodanso Loweruka ndi kuwotcha ndalama.

Mulu wachitatu ndi wa zinthu zomwe zili m'foni yanu yokha, kapena mwa anthu ochepa omwe nawonso mafoni awo akudzadza. Kanema wa chinkhoswe, wa maliro a agogo, mawu omwe malemu anakutumizirani, chithunzi cha chiphaso, kalata ya ntchito, risiti ya fizi, mapepala a malo. Izi sizifufutidwa. Zimasamutsidwa, ndipo njira yake ili pa nambala 5. Zambiri mwa izi, makamaka makalata a PDF, ndi tating'ono kwambiri moti kuzifufuta sikupindula kanthu. Zovuta ndi makanema okha, chifukwa ndi omwe amakhala pamwamba pa mndandanda wa zazikulu, moyandikana ndi mafilimu otha ntchito, ndipo mayina awo amafanana.

Chifukwa chake lamulo langa ndi ili: kanema aliyense wopitirira ma MB 100 mutsegule musanamufufute. Osadalira kachithunzi ka panja, kamanama. Muyendetse mpaka pakati, muone nkhope za anthu. Ngati muli nkhope yomwe mumaidziwa, imani kaye.

Pali zikhulupiriro ziwiri zomwe zalilitsa anthu ambiri pa mulu wachitatuwu.

Choyamba ndi choti zonse za pa WhatsApp zimakhalabe pa WhatsApp, ndiye ukafufuta ungodinanso. Nthawi zina zimathekadi, ngati fayiloyo ndi yaposachedwa ndipo uthenga wake ukadali mu chati. Koma WhatsApp si nkhokwe. Pakapita nthawi mukadina kanema uja imangokuuzani kuti fayilo sikupezeka, mupemphe wotumiza atumizenso. Wotumizayo foni inabedwa mu minibasi chaka chatha. Komanso mukafufutira mu Manage storage, uthenga womwewo umachoka mu chati, palibenso podina. Pofufuta mmenemo muwerenge bwino kabokosi komwe kamatuluka, chifukwa nthawi zina kamafunsa ngati mukufuna kufufutanso makope a fayiloyo a m'machati ena. Pa nthabwala yomwe inabwera m'magulu asanu, vomerani, kuti ichokeretu konse. Pa kanema wa pabanja, musavomere poganiza kuti watsala ku gulu lina, chifukwa mukhala mwachotsa onse.

Chachiwiri ndi cha foda yotchedwa Sent. Pa mafoni atsopano, kuyambira Android 11, zinthu za WhatsApp zimakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Pa akale zimakhala mu foda ya WhatsApp kunja komweko, pansi pa Internal storage. Mkati mwa WhatsApp Video muli Sent, momwe mumasungidwa kope la kanema aliyense yemwe inu munatumiza. Anthu odziwako pang'ono amakonda kunena kuti Sent yonse ndi zobwereza, ingofufutani. Ndi zoona pa makanema omwe munajambula ndi kamera ya foni n'kutumiza, chifukwa eniake ali mu DCIM, foda ya kamera. Koma kanema yemwe munajambulira mkati mwa WhatsApp, podina kakamera ka mu chati, angakhale kuti ali mu Sent mokha. Ine ndinaphunzira ndi foni ya alamu anga. Ndinasesa Sent yonse modzitama, ndinapeza ma GB awiri, aliyense anandiyamikira. Patapita masiku anayamba kufunafuna kanema wa mwana wawo akuyamba kuyenda, yemwe anajambulira mu chati kutumizira amuna awo ku Joni. Tinamupezanso chifukwa choti amunawo anali asanafufute. Kuyambira pamenepo Sent ndimaisanja ndi Size, n'kutsegula aakuluwo mmodzimmodzi, monga mafoda ena onse.

Mafoda ena musawakhudze n'komwe. Mu foda ya WhatsApp muli Databases, momwe muli mafayilo oyamba ndi msgstore. Ndiwo nkhokwe ya mauthenga anu. Foda ya Android/data ndi Android/obb ndi ya maapu ndi magemu. Ndipo fayilo iliyonse yomwe simukudziwa ntchito yake, yomwe si kanema, nyimbo, chithunzi, kalata kapena .apk, isiyeni mmene ilili.

Ndikuonetseni mmene zinayendera ndi foni ya azakhali anga mwezi watha. Ndi ya 32 GB, inali itatsala ndi ma MB 300. System inatenga ma GB 9, maapu 5.5, WhatsApp 9.4, foda ya Xender 3.6, Download 3.1, ndipo zithunzi zawo zojambula okha, zomwe ankaziimba mlandu n'kumazifufuta, zinali 1.1 basi.

Mu Xender munali magawo asanu ndi awiri a sewero lomwe zidzukulu zinaonera pa holide, lililonse pafupifupi ma MB 400, pamodzi ma GB 2.8. Anapita. Pakati pawo panali kanema wa ma MB 800 wa dzina la manambala okhaokha. Nditamutsegula, ukwati wa mwana wawo wamkazi, womwe wojambula anawaponyera. "Umenewo usaukhudze, mwanawe," anatero asanaone n'komwe bwinobwino, atangomva nyimbo yake. Tinausiya.

Mu Download munali ma .apk khumi ndi limodzi, pamodzi ma MB 600, filimu imodzi ya ma MB 700 yomwe inalipo kawiri ndipo anali ataionera kale, ndi china cha ma MB 350 chokana kutseguka. Zonsezo zinapita, ma GB 2.35. Makalata a PDF a ku mpingo ndi a sukulu ya mdzukulu, oposa makumi anayi, onse pamodzi sanafike ma MB 40. Sitinataye nawo nthawi.

WhatsApp ndiye inatidyera nthawi. Gulu la amayi a mpingo lokha linali ndi ma GB 4.2. Tinakhala pansi ndi tiyi n'kumatsegula makanema kuyambira wamkulu. Ambiri anali maulaliki ndi nyimbo zozungulira m'magulu, ena obwera katatu. Asanu ndi mmodzi anali a msonkhano womwe iwo anaimbako, ndipo amenewo anatsala. Tinachotsa ma GB 3.5. Zonse pamodzi tinapeza ma GB 8.65, kuchokera m'mafayilo osafika zana, ndipo chithunzi chawo n'chimodzi chomwe sitinachikhudze.

5. Samutsani zosunga: koperani, onani, kenako fufutani

Zinthu za mulu wachitatu zomwe ndi zazikulu zipezereni nyumba ina: memole khadi, kompyuta, kapena Google Drive ngati muli ndi intaneti yokwanira. Akaunti ya Google imapereka ma GB 15 aulere, omwe amagawana Gmail, Drive ndi Google Photos, koma kukweza kanema wa ma MB 800 kumadya bandulo ya ma MB 800, ndiye dikirani pomwe pali Wi-Fi.

Posamutsa muona mawu awiri, Move ndi Copy. Move imachotsa kuno n'kuika uko nthawi imodzi. Copy imasiya kuno n'kuikanso uko. Pa zinthu zosabwezeka gwiritsani ntchito Copy. Ikatha, pitani ku memole khadi, tsegulani kanemayo kumeneko, muyendetse mpaka kumapeto. Akasewera bwino, ndiye mufufute wa m'foni.

Ndikuumirira chonchi chifukwa cha mamemole khadi achinyengo, omwe ndi ambiri m'misika. Pamwamba alemba 64 GB, foni nayo imaonetsa 64 GB, koma mkati mwake malo enieni ndi ochepa. Imalandira mafayilo mosakana, mayina amaoneka, koma malo enieniwo akadzadza, zomwe mwaikazo zimaonongeka mwakachetechete. Chizindikiro chake ndi makanema okana kutseguka kapena oduka pakati, ndi mafoda osanduka mayina achilendo. Ngati munagwiritsa ntchito Move, palibe kobwerera. Ngakhale khadi yabwino imafa kapena kutayika pamodzi ndi foni, ndiye kanema wa ukwati akhale malo awiri. Kwa azakhali tinaponyeranso ku kompyuta ya mwana wawo.

Chenjezo lina ndi la Google Photos. Ngati zithunzi zanu zimakwera ku Google, kufufuta chithunzi mkati mwa apu imeneyi kumachichotsa m'foni ndi ku Google komwe. Chochotsa m'foni mokha n'kusiya kope la ku Google ndi Free up space, mkati mwa apuyo.

6. Khuthulani bini

"Ndafufuta ma GB atatu koma malo sanasinthe." Ili ndi dandaulo lachiwiri kutchuka. Mafoni ambiri a masiku ano akafufuta sataya nthawi yomweyo, amaika mu Trash, Bin kapena Recycle bin, ndipo mu Files ya Google komanso pa Samsung zimakhalamo masiku 30. Nthawi yonseyo zikudyabe malo. Mabiniwa amatha kukhala angapo: ina mu apu ya mafayilo, ina mu Gallery, ina mu Google Photos. Lowani mu iliyonse, yang'anani komaliza ngati simunaponyemo chinthu cha mulu wachitatu, kenako khuthulani. Mukakhuthula apa, basi, zapita. Maapu olonjeza kubweza zofufutidwa musawadalire.

Bwererani ku Settings, Storage, muyerekeze ndi nambala ija munalemba. Ngati sinasinthe, zimitsani foni n'kuyatsanso, nthawi zina imachedwa kuwerenga. Yesetsani kusiya ma GB awiri kapena atatu opanda kanthu. Foni imafuna pogwirira ntchito. Ngakhale kukonzanso apu ya ma MB 60 kumafuna malo oposa pamenepo, chifukwa imayamba yadawuniloda phukusi, n'kulimasula, yakale ikadali pomwepo.

Ngati malo akadali ochepa, pali Clear cache. Pitani ku Settings, Apps, sankhani apu yonenepa ngati Facebook, TikTok kapena Chrome, dinani Storage. Muona mabatani awiri oyandikana. Clear cache imachotsa zinthu zongosungira kanthawi, palibe chomwe mumataya, ngakhale zimadzadzanso m'masabata ochepa. Linalo, Clear data kapena Clear storage, limabwezera apu mmene inalili tsiku loyamba: limakutulutsani mu akaunti, ndipo pa WhatsApp limachotsa machati. Ndaonapo munthu akulidina pa apu yomwe pasiwedi yake anaiwala kalekale. Werengani kawiri musanadine.

Za maapu otsuka foni, aja a chithunzi cha tsache kapena roketi, musavutike nazo. Chomwe amachotsa kwambiri ndi cache yomweyi, iwo eni amadya malo, ndipo amadzadza sikirini ndi zotsatsa malonda. Filimu ya ma MB 700 ija saidziwa ngati munaionera.

7. Tsekani mpopi

Mukasiya apa, pakatha miyezi iwiri mudzandipezanso pa khonde. Tsegulani WhatsApp, Settings, Storage and data, mupeze Media auto-download. Pali mizere itatu: When using mobile data, When connected on Wi-Fi, ndi When roaming. Mu uliwonse chotsani chizindikiro pa Videos, Audio ndi Documents. Wa Wi-Fi ndi womwe anthu amauiwala, ndipo ndi womwe unadzadzitsa foni ya azakhali: akapita kwa mwana wawo ku tawuni, foni inkangomeza kanema aliyense wa gulu lililonse usiku wonse, iwo ali mtulo. Mukatseka, kanema amabwera ndi kamuvi ndi nambala ya kukula kwake pakati, ndipo mumasankha nokha. Mukaona 64 MB pa kanema wochokera kwa munthu yemwe amatumiza khumi patsiku, chala chimabwerera chokha. Mauthenga a mawu, aja timajambula pogwira kamaiki, amabwerabe okha, koma ndi aang'ono.

Musasokoneze izi ndi Media visibility. Kuzimitsa imeneyo kumangobisa zinthu kuti zisaoneke mu Gallery, koma m'foni zilimo ndipo malo zikudya.

Ngati muli ndi memole khadi yodalirika, lowani mu Chrome, Settings, Downloads, musinthe Download location kuti zatsopano zizipita ku khadi. Maapu ambiri a kamera nawonso ali ndi posankha kuti zithunzi ndi makanema zizisungidwa ku SD card. WhatsApp yokha ilibe posankha potere, imasunga m'foni basi, ndiye Manage storage muziitsegula kamodzi pamwezi, tsiku lomwe mwagula bandulo ya mwezi kuti musaiwale. Azakhali anasankha tsiku lolandira penshoni.